Kufeda, khodi yokoka kapena kuchepetsa liwiro: nyimbo ithe bwanji?

Nyimbo zambiri zojambulidwa m'masitudiyo a mu Lilongwe, kaya ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25, zimasankhidwa mathero ake usiku, pamene oyimba anapita kale kukakwera minibasi ndipo pulodyusa watsala yekha. Pamenepo njira imene yatsala ndi imodzi yokha, kufeda. Njira zina ziwiri, kukoka khodi yomaliza ndi kuchepetsa liwiro, zimafuna kuti mugwirizane musanayatse maiki.

Titenge nyimbo ya kwaya ya mu kiyi ya G, yoyenda pa 96 BPM, ndiko kuti kugunda 96 pa miniti, kugunda kunayi pa baa iliyonse. Baa imodzi ndi masekondi 2.5, ndiye kolasi ya mabaa 8 imatenga masekondi 20.

Kufeda ndi kutsitsa mawu pang'onopang'ono kolasi ikubwerezedwa mpaka izimiririke. Kumakhala bwino pa nyimbo yovina, imene mphamvu yake ili mu ng'oma ndi besi ndipo ilibe mawu oti awa ndiye otsekera. Pa nyimbo yathuyi, yambani kutsitsa pa kugunda koyamba kwa kolasi yomaliza, mufike pa zii itatha kolasi yonse, masekondi 20. Mukafupikitsa kufika masekondi 4 kapena 5, womvera amangoona ngati wina wapotokola wailesi. Ndipo jambulani kolasi ina yowonjezera kuseri kwake, chifukwa choipa kwambiri ndi kumva oyimba akusiya pamene mawu sanazimiririke: chinyengo chonse chimaonekera.

Chimene ambiri amaphonya ndi malo oika kufedako. Mukatsitsa mawu asanalowe mu limita, imene imapanikiza mawu kuti asapyole muyezo, limita imayamba yamasula zimene inapanikiza, ndiye masekondi oyambirira nyimbo simatsika, kenako imagwa mwadzidzidzi. Mu pulogalamu ya FL Studio ikani mzere wotsitsira mawu pa feda ya Master, imene imabwera pambuyo pa limita. Ngati nyimbo ikupita kwa wina kukamalizitsa, mpatseni yosafeda, mumuuze baa yoyambira ndi yothera. Mukatha mvetserani pa sipika ya foni. Besi imasowa msanga kumeneko, ndipo ngati masekondi 6 omaliza simukumva kanthu, kwezani pakati pa mzerewo kuti mawu achedwe kugwa.

Vuto la kufeda limadzaonekera pa siteji. Bandi ya pa ukwati singafede mosavuta, kwaya ya m'tchalitchi singafede mosavuta. Oyimba amangoyang'anana, wa kiyibodi n'kusiya, wa ng'oma n'kupitirira yekha mabaa awiri. Ngati nyimboyo mudzaiyimba pamaso pa anthu, mudzafunikabe mathero achiwiri, ndiye bwanji osawakonza lero?

Khodi yokoka ndiyo imagwirizana ndi nyimbo ya uthenga, imene mzere wake womaliza uyenera kukhala m'mutu mwa munthu. Mu G, njira yodziwika ndi kuchoka pa D kapena D7 kugwera pa G, kapena kuchoka pa C kupita pa G monga timachitira pa Ameni. Kwa oyimba solofa, besi atere pa do, sopulano pa do, aluto pa mi, tenala pa so. Kokani mabaa awiri, masekondi 5, kenako mulole kamkokomo ka rivebu kazilale masekondi ena awiri kapena atatu.

Zikumveka zophweka, koma apa ndi pamene kwaya imagwidwira. Oyimba amafika pa khodiyo mpweya utatha, ndipo mpweya ukamachepa mawu amatsika kuchoka pa kiyi. Mukawayerekeza ndi kiyibodi, imene sitsika, sekondi yachinayi mumamva kakunjenjemera kosonyeza kuti asiyana. Mankhwala ake ndi kulemba malo opumira baa imodzi isanafike khodiyo, ndipo ngati kwaya ndi yaikulu, oyimba azipuma mosinthana, wina akamaba mpweya anzake akugwira. China ndi kasiyidwe. Mawu a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho palibe lembo lotsekera loti onse adulire pamodzi. Wotsogolera ayenera kudula ndi dzanja, ndipo agwirizane kuti akudula pa kugunda koyamba kwa baa yachitatu. Popanda zimenezo mumamva mayi mmodzi wa aluto atatsalira yekha theka la sekondi. Liwu lothera pa a kapena o limakokeka bwino kuposa lothera pa i, makamaka sopulano akakhala pamwamba, ndipo ndi bwino wolemba nyimbo aganizire zimenezi posankha liwu lomaliza.

Mu situdiyo, khodi ikamazilala phokoso lonse lobisika limatulukira: kulira kwa jenereta magetsi akazima, fani, mpando, wa gitala akuchotsa chala pa nsambo. Uzani aliyense akhale duu masekondi 5 atamaliza. Potulutsa nyimbo mu FL Studio, pa Tail sankhani Leave remainder, chifukwa Cut remainder imadula mchira wa rivebu. Mu Cubase kokerani loketa ya kumanja mabaa awiri kupitirira pamene khodi yathera.

Kuchepetsa liwiro ndi njira yokoma kwambiri ikatheka, komanso yovuta kuposa zonse. Kawirikawiri sikuyenda kokha, kumakatula nyimbo pa khodi yokoka ija. Ntchito yake ndi kuchenjeza womvera kuti tafika, ndipo n'chifukwa chake mpingo umatha kumaliza limodzi ndi kwaya popanda wouuza. Pa nyimbo yathu, gwiritsani mabaa awiri omaliza: yoyamba itsike kuchoka pa 96 kufika pa 84, yachiwiri kuchoka pa 84 kufika pa 72, kenako khodi. Mukayamba kutsika mabaa 8 kumbuyo, nyimbo imamveka yotopa, ngati batire la wailesi likutha. Mukagwetsa kamodzi kuchoka pa 96 kupita pa 72, limenelo ndi liwiro latsopano, ndipo ovina amapunthwa.

Kwaya yojambula pamodzi m'chipinda chimodzi, ikuyang'ana dzanja la wotsogolera, imachita zimenezi mosavuta. Mavuto amabwera mukamajambula mmodzimmodzi motsatira kiliki, kugunda kwa pa kompyuta kosunga liwiro. Zida zoikidwa pa kompyuta zimatsatira liwiro latsopano zokha, koma mawu ojambulidwa kale pa 96 satsatira, ndipo mukawakoka kuti afike pa 72 mwawatalikitsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, amayamba kumveka ngati akuyimbira m'chitini. Choncho konzani kutsikako pa Tempo Track mu Cubase, kapena mu FL Studio dinani kumanja pa nambala ya liwiro musankhe Create automation clip, oyimba asanabwere, ndipo ayeserere katatu ndi kilikiyo. Wa ng'oma asiye biti yodzaza pa baa yomaliza, azingomenya kugunda kulikonse kamodzi, kuti onse amve pamene phazi likutera. Dileyi yomangirira ku liwiro muizimitse pamenepo, chifukwa ina imalira mopotoka liwiro likamasintha.

Kwa ine, nyimbo ya kwaya kapena ya bandi yoyimba pamaso pa anthu ithe ndi khodi yokoka, ndipo muwonjezere kuchepetsa liwiro pokhapokha ngati munakonza musanajambule. Kufeda kusiyireni nyimbo yovina ya pa wailesi, pamene muulutsi amayamba kulankhula kolasi ikuzilala. Ngati mukukayika, jambulani kolasi yomaliza kawiri n'kutsekera ndi khodi. Pamenepo mungathe kutulutsa mitundu iwiri, yofeda ndi yotseka, pamene amene anajambula yofeda yokha ayenera kuitanitsanso oyimba onse ndi kuwalipirira thiransipoti.