Ntchito yapezeka ku Lilongwe: kupita wekha kapena kusamuka ndi banja lonse?

Chisamukireni kuchoka ku Blantyre mu 2024, anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi. Awayitana ntchito ku Lilongwe, ndiye akusinkhasinkha ngati apite okha banja litsale, kapena anyamule onse pamodzi ndi mipando. Njira zonse ziwiri ndinaziyesa, ndipo zonse zinandiluma, ngakhale mosiyana.

Tiyambe ndi ndalama imene ili pa kalata yokulembani ntchito ija. Ine ndinkalandira K900,000 asanadule, ntchito yatsopano inati K1,300,000. Kunyumba tinasangalala kuti kwabwera K400,000 yoonjezera. Koma pa malipiro a msinkhu umenewo, chaka chimenecho msonkho unkadya K30 pa K100 iliyonse yoonjezerayo, penshoni n'kutengaponso K5. Yofika m'manja inali pafupifupi K260,000. Imeneyi ndiyo muziyerekeza nayo chilichonse, osati ija yolembedwa pa kalata.

Poyamba ndinapita ndekha. Ana anali pakati pa chaka cha sukulu, mayi akunyumba ali ndi benchi yawo ya kaunjika kwathu ku Chilomoni, choncho zinkaoneka zanzeru. Ndinapeza kanyumba ka chipinda chimodzi ku Area 25 ka K120,000 pa mwezi. Basi yopita ku Blantyre ndinkalipira K30,000 ulendo umodzi, ndipo ndinkapita kawiri pa mwezi, kupita ndi kubwera, ndiye K120,000 ina imeneyo. Chakudya, makala, sopo ndi magetsi a ine ndekha zinkatha K90,000, pomwe ku Chilomoni mphika sunachepe ngakhale pang'ono poti bambo achokapo. Kuphatikiza zonse, K330,000. Ndinali nditakwezedwa pa ntchito, koma mwezi uliwonse ndinkaonjezera K70,000 yochokera pa malipiro akale kuti ndikwanitse kukwezedwako.

Wina anena kuti bwanji osamapita kamodzi pa mwezi. Ndinayesa. Masamu ake amatsala pang'ono kugwirizana, zinazo ayi. Mtunda ndi woposa makilomita 300, kudzera Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, ndipo ukanyamuka Lachisanu utaweruka umafika ana atagona. Lamulungu masana uli kale pa depoti. Usiku wina wamng'ono anatentha thupi, mayi ake n'kumandiimbira ali pa kabaza kupita kuchipatala, ine ndili pa matiresi ku Area 25 foni ili kukhutu, wopanda chochita. Kumapeto kwa chaka chomwecho mafuta atasowa, mwezi wathunthu unadutsa osapondako.

Tsono tinaganiza zosamuka tonse, ndipo apa m'pamene pali nkhani imene imandiwawa mpaka lero.

Ku Chilomoni tinkalipira K200,000 nyumba ya zipinda zitatu, ndipo alandilodi athu anali munthu woti ukachedwa sabata imodzi ankangoti "bambo a Chisomo, musadandaule". Yofanana nayo ku Area 49 inali K320,000. Kusiyana kwa K120,000 ndinakuwerengeratu, ndinaonjezeranso K40,000 ya mayendedwe poti ku Lilongwe malo ndi otalikirana ndipo nthawi zambiri umakwera kawiri kuti ukafike ku City Centre. Pa K260,000 ija pankatsala K100,000. Ndinati bola.

Chimene sindinawerengere bwino ndi ndalama yolowera pakhomo. Mwini nyumba anafuna miyezi itatu nthawi imodzi, K960,000, osachotserapo ngakhale tambala. Nyumbayo ndinaipeza kudzera mwa ejenti, ndipo ejentiyo anayamba wandilipiritsa yoonera nyumba. Anandionetsa zinayi, iliyonse ndi mtengo wake woonera, kabaza wake ndikulipira ine. Imodzi mwa izo munali anthu akuphika nsima, osadziwa n'komwe kuti akutuluka. Nditasankha, pa tsiku lotenga makiyi anatulukira ndi nkhani ya komishoni, theka la lendi ya mwezi, K160,000. Ndinamuuza kuti tinali tisanakambirane zimenezo. Anandiyankha akusewera ndi makiyiwo m'manja kuti, "Bwana, kuno timatero. Mukakana pali wina akufuna lero lomwe." Lole ya katundu inali itanyamuka kale ku Blantyre m'mawa. Ndinalipira.

Sizinathere pomwepo. Bilu yoyamba ya madzi inabwera ndi ngongole ya miyezi ingapo ya amene anatulukamo. Mwini nyumba anati ndikafunse ejenti, ejenti foni osayankhanso. Ndikanakhala ndi nzeru za lero, ndikanapempha bilu yomaliza ndi kujambula mita ndisanapereke kalikonse, komanso ndikanamufunsa ejentiyo pa WhatsApp kuti alembe yekha mtengo wake wonse tisanakwere kabaza woyamba. Amene akuzemba kulemba, dziwani kuti komishoni yake adzaitchula katundu wanu ali pamsewu.

Tiphatikize. Lendi K960,000, komishoni K160,000, lole K600,000, mayunifolomu ndi ndalama zolembetsera ana sukulu yatsopano K200,000. Zonse K1,920,000, osawerengera yoonera ndi madzi aja. Kuntchito anandipatsa K500,000 yosamukira, ndipo inabwera nditasamuka kale. Pa K960,000 ija, kunena chilungamo, si yonse yotayika, chifukwa miyezi itatu sulipiranso. Vuto n'lakuti imafunika tsiku limodzi, ndipo ine ndinaikongola ku banki mkhonde, komwe chiongoladzanja sichidikira kuti ukhazikike. Ngakhale mutachotsa lendiyo, yotayikiratu inali K960,000 inanso, ndipo kuchotsapo ya kuntchito ija panatsala K460,000, kutanthauza pafupifupi miyezi isanu ya K100,000 yotsala ija.

Koma K100,000 imeneyo sinaoneke n'komwe, chifukwa ndinawerengera malipiro anga okha. Benchi ya mayi a Chisomo inkabweretsa phindu la K150,000 mwezi wabwino. Makasitomala sakwera lole. Ku Lilongwe anakhala miyezi isanu akufufuza malo ndi kuphunzira kuti kuno anthu amagula zotani. Ndiye panali agogo. Ku Chilomoni apongozi anga ankakhala chapafupi, ana akaweruka ankapita komweko kukadya. Kuno tinachita kulemba mtsikana wantchito. Chimanga ndi ndiwo sindingadandaule, misika ya kuno ili bwino, mbatatesi za ku Dedza ndi Ntcheu zimafika zambiri. Kutentha ndi fumbi mudzazolowera.

Za sukulu ndinene chimodzi chokha. Chaka chimayamba mu Seputembala, ndipo mwana amene walembetsa kale mayeso a MANEB, kaya a Sitandade 8 kapena a Folomu 4, musamusunthe pakati. Ameneyo yekha ndi chifukwa chokwanira choti bambo ayambe apita okha.

Ndiye iti? Kupita wekha kumaoneka kotchipa chifukwa sikufuna mamiliyoni tsiku loyamba, koma kumakudya pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo sikutha pokhapokha utakuikira tsiku. Kusamuka nonse kumapweteka kwambiri koyamba, kenako kumaphwa, bola ngati akunyumba apezanso chochita. Ndikanati ndibwereze, ndikanapita ndekha mpaka sukulu zitatsekera chaka, ndikukhala ndi mnzanga wakuntchito n'kumagawana lendi, Loweruka lina lililonse n'kumayenda wapansi m'madera kufunsa nyumba kwa alonda, ogulitsa m'maokala ndi anthu a kutchalitchi. Ndikanapemphanso kuntchito, ndisanasayine, kuti yosamukira ibwere patsogolo kapena andibwereke lendi ya miyezi itatu azidula pang'onopang'ono.

Mmodzi mwa anzanga atatu aja yoonjezera yake inali K150,000 asanadule, mkazi wake ndi mphunzitsi ku Bangwe ndipo nyumba akukhalamo ndi yawoyawo. Ndinamuuza kuti akhale. Ejenti uja ndinakumana naye mwezi watha pa siteji, ali ndi bambo wina wonyamula chikwama chaulendo, ndipo anandipatsa moni ngati m'bale wake.