Mabungwe a ntchito zathu kapena nyuzipepala?

Anzanga a ku Zomba amene munaphunzira za akaunti, ine ndimati pofuna ntchito yambani ndi zolengeza za ICAM, bungwe la akatswiri a za akaunti m'Malawi muno. Mu nyuzipepala ntchito imodzi aliyense amaiona, makalata amachita kuwunjikana, pomwe ya ku bungwe imafikira makamaka mamembala ndiye olimbirana nanu amachepa, komanso olemba ntchito amanena mwatchutchutchu mulingo wa mapepala omwe akufuna. Vuto lake ntchito zimatuluka patalipatali, zambiri n'za ku Blantyre ndi Lilongwe, ndipo ngati simunalipire umembala chaka chino mauthenga ena sakupezani. Nyuzipepala musaitaye ayi, ntchito za boma ndi za ku Yunivesite ya Malawi zimatulukira mmenemo. Koma akati "membala wolipira" yambani mwakonza satifiketi yanu ya umembala, kupanda apo kalatayo saiwerenga n'komwe.