Levenshtein kapena Soundex: iti ikupezereni Phiri amene analembedwa Phili?

Tinali ndi kaundula wa sukulu ina ya pulaimale kuno ku Zomba ndi mndandanda wa ana amene analandira katemera. Mwana yemweyo, kwina Phiri, kwina Piri, kwina Phili. Ndinayesa njira ziwiri zofananitsira mayina pa kompyuta kuti ndipeze mwana yemweyo m'mindandanda yonse iwiri.

Levenshtein imawerenga zilembo zimene mungasinthe, kuchotsa kapena kuwonjezera kuti dzina lifanane ndi linzake. Phiri ndi Phili zimasiyana ndi 1, Phiri ndi Piri chimodzimodzi. Koma Banda ndi Manda nazonso zimasiyana ndi 1, pomwe awa ndi mabanja awiri. Mayina aafupi ndiwo amapusitsa.

Soundex imasunga chilembo choyamba, zotsalazo n'kuzisandutsa manambala potengera kamvekedwe. Banda amakhala B530, Manda M530, ndiye sasokonezeka. Phiri ndi Piri onse ndi P600. Vuto n'lakuti inapangidwira mayina a Chingerezi, moti "l" ndi 4 pomwe "r" ndi 6. Phili amatuluka P400, mwana n'kusowa. Ife amene timalemba Chirwa lero, mawa Chilwa, imatitayitsa ambiri.

Ine ndimakonda Levenshtein, koma ndimayamba ndakonza mayina m'mindandanda yonse iwiri ndi fomula iyi ya mu Excel, imene imatenga dzina la mu A2 n'kusandutsa "r" aliyense kukhala "l":

```
=SUBSTITUTE(LOWER(TRIM(A2)),"r","l")
```

Mukatero Phili ndi Phiri afanana ndendende, ndipo ngakhale Soundex iyamba kuwagwira. Osiyana ndi chilembo chimodzi sindiwaphatikiza msanga ayi. Ndimayang'ana kaye chaka chobadwa ndi mudzi, zikapanda kugwirizana ndimakafunsa aphunzitsi a kalasilo.