Shuga wa pagolosale: kubwereza oda yapita, avereji, kapena kope la chaka chatha?

Tonse ogulitsa timasunga malisiti a kuholoselo, koma timasiyana powawerenga. Njira zitatu ndi zomwe ndimaziona kwambiri, ndipo ndiziyesa pa shuga, wa mabelo a mapaketi 20 a kilo imodzi.

Yophweka kwambiri ndi kubwereza oda yapita: munatenga mabelo 4, mutenganso 4. Pa machesi ndi mchere imeneyi ikukwanirani, chifukwa zimayenda mofanana chaka chonse ndipo siziwonongeka msanga. Pa shuga ayi. Mwina tsiku limenelo munatenga 4 chifukwa ndalama zinaperewera, osati chifukwa anthu amafuna zomwezo.

Avereji ndiyo ndimaidalira, koma ili ndi msampha. Tinene kuti mumaoda pakatha masabata awiri alionse, ndipo maoda anayi apitawa anali mabelo 5, 5, 6 ndi 4. Onse pamodzi ndi mabelo 20, mapaketi 400, m'masiku 56, ngati shuga wotsala poyamba ndi pomaliza anali wofanana. Wofulumira agawa 20 ndi 4 n'kuoda mabelo 5. Koma lisiti limangonena zomwe munagula, silinena za makasitomala omwe anabwerera chimanjamanja. Ngati kope likuonetsa kuti masiku 6 shelefu inali mbee, ndiye kuti mapaketi 400 aja anatha m'masiku 50, kutanthauza 8 patsiku, osati 7.

Tsopano werengani masiku oti katunduyo akusungeni: 14 a pakati pa maoda, kuonjezapo 2 odikira galimoto, ndi 3 ongodzitetezera. Masiku 19 kuchulukitsa ndi 8 ndi mapaketi 152. Chotsani 32 omwe adakali pashelefu, atsala 120, omwe ndi mabelo 6. Belo imodzi yosiyanayo ndi yomwe imakuthetserani shuga Loweruka madzulo. Choncho tsiku lomwe katundu watha muzilemba m'kope, ngakhale kamtanda chabe pambali pa deti. Popanda timitandato, avereji imangobwereza kuperewera kwakale.

Yachitatu ndi kutsegula kope la chaka chatha pa mwezi womwewo. Apa avereji imagonja, chifukwa masabata asanu ndi atatu apitawa sadziwa kuti Khirisimasi ikubwera. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama za anthu zimathera ku feteleza, fizi ndi chimanga, pomwe msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, ku Kasungu kapena Mchinji malonda amadzuka. Kungoti m'kope lakalelo muziwerenga mabelo, musamawerenge makwacha, poti mitengo inasintha kalekale. Musakoperenso nambala yake ndendende. Onani kuti Disembala anaposa Novembala ndi gawo lanji: ngati 8 patsiku anafika 10, onjezerani kota pa avereji yanu ya lero. Mwezi womwe shuga anasowa m'dziko, anthu n'kumagula wosunga, muulumphe.