Ndemanga: ndinakachotsetsa fumbi mu PS4 pa kashopu ka ku Rosettenville

Papita miyezi iwiri chikachotsetsereni fumbi m'makina athu a gemu. Ndinachita kudikira dala kulemba izi, chifukwa chinthu chikangochoka kwa mmisiri chimaoneka bwino tsiku loyamba, zoona zake zimadziwika patapita nthawi.

Makinawa ndi PS4 yakale ija, yaikulu, ya mtundu umene unatuluka mu 2013. Ndinaigula kwa munthu, ndipo ndikukayika ngati mwini wake woyamba anaitsegulapo. Timakhala ku Turffontein, m'chipinda choyang'ana kumsewu, ndipo amene munakhalako kum'mwera kwa Joni mukulidziwa fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala. Mvula imakhala italeka kalekale, mphepo n'kumakokolola dothi pa milu ya m'migodi ija. Mukapukuta tebulo m'mawa, pofika madzulo mutha kulembapo dzina ndi chala. PS4 yathu imakhala pansi pa wailesi ya kanema, m'kabati yotseka kumbuyo, pafupi ndi kapeti. Sindinkaona vuto lililonse pamenepo.

Chinayamba ndi phokoso. Tikangoyamba gemu ya mpira, mphindi zisanu zisanakwane, fani inkalira ngati ndege ikunyamuka, mpaka mayi a kunyumba ankafuula ali kukhitchini kuti tizimitse chigayo chathucho. Kenako Loweruka lina, ine ndi msuweni wanga tili pakati pa gemu, kagetsi ka pamwamba kanayamba kuphethira mofiira, pa sikirini n'kubwera mawu akuti "The PS4 is too hot", ndiye kuti makina atentha kwambiri, muzimitse. Anazima.

Pano ndiulule kupusa kwanga. Ndinagula kachitini ka mpweya wopopera kaja, n'kumapopera m'timabowo ta m'mbali makina ali chitsekere. Kunatuluka kafumbi pang'ono, ine n'kumadziona ngati katswiri. Phokoso silinasinthe ngakhale pang'ono.

Kashopu kamene ndinapitako ndi ka mnyamata wa kwathu konkuno, amakonza mafoni ndi makompyuta. Anandiuza mitengo iwiri: R250 kungotsegula chivundikiro n'kupukuta fani, R450 kumasula zonse ndi kusintha phala lothandiza kuziziritsa limene amapaka pa chipi, ubongo wa makinawo. Ndinayamba kunenerera, poganiza kuti wachiwiriwo ndi wongofuna kundidyera. Iye anayatsa makinawo, n'kudikira kuti fani ilire, kenako anati, "Achimwene, taikani dzanja kumbuyoku." Ndinaika. Mpweya unali wotentha koma wofooka, ngati munthu akupumira m'dzanja lako. "Mwamva mmene ikulirira? Ikanakhala kuti njira ili yotsegula, bwenzi mpweya ukukankha dzanja lanu. Apa fani ikungozungulira pachabe, kutsogolo kwake kwatsekeka."

Ndinalola wa R450, ndipo ndinapempha kuti ndikhale pompo ndizionerera. Sanakane, chimene ndinachiwerengera ngati chizindikiro chabwino.

Zomangira zakumbuyo zimabisika pansi pa timapepala tomata, ndipo mitu yake ndi ya nyenyezi yokhala ndi kamsomali pakati, moti sikuludilaiva wamba salowa. Atachotsa chivundikiro chapansi, fani inaoneka, mapiko ake atakutidwa ndi fumbi lofiirira, koma osati loopsa. Ndinayamba kudandaula mumtima kuti R250 ija ikanakwana. Iye anapitiriza: anachotsa bokosi la magetsi, malo olowetsa chimbale, hadi dalaivi, kenako bodi yonse. Atanyamula chitsulo chomaliza m'pamene ndinachiona. Kutsogolo kwa fani kuli timapepala ta chitsulo tambirimbiri tondandalikana ngati mano a chipeso, amisiri amati hitisinki. Pakhomo pa timipata take panali chinthu ngati kachidutswa ka bulangeti, chotuwa, chokhuthala pafupifupi ngati chala chaching'ono. Anachigwira ndi kapanira n'kuchisenda chonse pamodzi osaduka. Munali tsitsi, ubweya wa kapeti, ndi mapiko a mphemvu.

Apa m'pamene ndinamvetsa mmene makinawa amapumira. Mpweya umalowera m'mbali, fani imaukankhira m'timipata ta hitisinki, umatenga kutentha kochokera pa chipi chachikulu, n'kudutsa m'bokosi la magetsi, n'kutulukira kumbuyo. Njira yake ndi imodzi yomweyo. Bulangeti lija likatseka pakhomo, chipi chimatentha, makina amalamula fani kuti ithamange kwambiri, koma mpweya ulibe podutsa. Ndipo kachitini kanga kaja, malinga ndi mmisiriyo, kanangotenga fumbi la m'mbali n'kulikankhira pomwe panali potsekeka kale. Ndinalipira ndalama kuti ndiwonjezere vuto.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanandisangalatsa. Anayamba ndi bulashi yofewa, kenako anatuluka nazo panja n'kupopera ndi bulowa kuchokera kumbuyo, kuti fumbi libwerere kumene linalowera. Popopera fani anaigwira ndi chala kuti isazungulire. Ndinafunsa chifukwa chake, iye anati mpweya wamphamvu umaizunguza kupitirira liwiro lake ndipo zimawononga pomwe imazungulirapo, mawa lake imayamba kukhuluza. Phala lakale la pa chipi linali louma gwa, longa dothi la padambo mu Okutobala, losweka timing'alu. Ntchito ya phalali ndi kudzaza timipata tosaoneka ndi maso pakati pa chipi ndi chitsulo choziziritsa, kuti kutentha kuwoloke mosavuta. Likauma, m'timipatamo mumakhala mpweya, ndipo mpweya suwolotsa kutentha bwino. Analipukuta ndi sipiriti ya amisiri, ija imauma msanga osasiya madzi, n'kuika latsopano kadontho kamodzi pakati, kukula ngati nsawawa. Ine ndikanapaka ngati majarini pa buledi.

Akumanga, ndinamufunsa funso limene linkandivuta. Popeza makinawa amazima okha akatentha, vuto lili pati? Si ndiye kuti amadziteteza? Yankho lake ndi limene landichititsa kulemba ndemanga yaitali chonchi. Kuzima kuja kumateteza chipi kuti chisapse tsiku lomwelo, koma miyezi yonse imene makina akhala akugwira ntchito ali otentha osafika pozima, zinthu zina m'katimo zimakhala zikukalamba msanga. Anandionetsa timigolo ting'onoting'ono ta m'bokosi la magetsi, makapasita. M'kati mwake muli timadzi, ndipo kutentha kumatiumitsa pang'onopang'ono. Amisiri ali ndi kawerengedwe kongoyerekeza: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umadulidwa pakati. Tinene kuti kapasita inapangidwa kuti ipirire maola 2,000 pa madigiri 105. Pa madigiri 65 ingafike maola 32,000, koma pa 85 imangokwana 8,000. Kwa munthu wosewera maola anayi pa tsiku, kumeneko n'kusiyana kwa zaka zopitirira 20 ndi zaka zisanu ndi theka. Ndipo kumbukirani kuti mu PS4 mpweya umafika pa bokosi la magetsi utachoka kale pa hitisinki, ndiye ukachepa, makapasitawo amakhala m'ng'anjo.

China ndi pansi pa chipi penipenipo. Chipi chinamatidwa pa bodi ndi timipira ta mtovu tambirimbiri. Mukayatsa, zonse zimatentha n'kufutukuka, mukazimitsa zimazizira n'kubwerera, koma chipi ndi bodi sizifutukuka mofanana. Zili ngati waya amene mukumupinda uku ndi uku: mukamapinda kwambiri, amathyoka msanga. Kampira kamodzi kakang'aluka, makina atha kungophethira kagetsi ka buluu osaonetsa chithunzi, ndipo pamenepo kuchotsa fumbi sikuthandizanso. Anandiuza mosabisa kuti zimene zawonongeka kale ndi kutentha kwa m'mbuyomu iye sangazibweze, akungoletsa kuti zisapitirire. Wina akanandilonjeza kuti makina abwerera ngati atsopano.

Anatchulanso chinthu chimene sindinachiganizepo, chakuti Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndiye fani yomweyo imachotsa kutentha kochepa poyerekeza ndi mmene ikanachitira ku Durban. Kuphatikiza ndi fumbi lathuli, makina a kuno alibe mpata waukulu wopirira.

Tsopano zimene sizinandikomere. Anati ola limodzi, koma ndinakhalapo maola atatu, chifukwa aliyense wobwera ndi foni yosweka galasi ankayamba wamuthandiza kaye, zanga zili mbwee patebulo. Zomangira anangoziunjika m'chivundikiro cha botolo osazisiyanitsa, ndipo pomaliza kanatsala kamodzi. Anati n'kosafunikira, ine ndinaumirira mpaka anatsegulanso n'kukapeza malo ake. Sanandifunse ngati ndasunga kwina zimene tinafika nazo m'magemu asanakhudze hadi dalaivi; palibe chinatayika, koma funsolo linayenera kubwera. Lisiti ndinachita kupempha. Pamapeto anayesanso kundigulitsa kachipangizo ka mafani komata kumbuyo kwa makina, pomwe iye yemwe anali atangondiphunzitsa kuti vuto linali njira yotsekeka. Ndinakana, anaseka, nkhani inathera pomwepo.

Kunyumba zinthu zasintha. Pa gemu ya mpira fani imamveka ngati kamphepo chabe, ndipo mukaika dzanja kumbuyo mpweya umakankhadi, wofunda osati wowotcha. Pa magemu olemera imakwezabe mawu, sindinama, koma si ndege ija. Kagetsi kofiira sikanabwerenso. Makina ndinawatulutsa m'kabati muja, pano ali pamwamba, kutali ndi kapeti, ndipo kumbuyo ndinasiya mpata wa masentimita 10 kuchokera kukhoma, kuti asamameze mpweya wotentha womwe angoulavula. Mlungu uliwonse ndimapukuta timabowo ta m'mbali ndi bulashi youma atazima, ndipo mphepo ikayamba ndimawavundikira ndi nsalu, koma pokhapokha atazimiratu, osati ali m'tulo muja kagetsi kali kachikasu.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Imodzi yapita ndi maola atatu aja ndi kachomangira kotsala. Ngati yanu ikulira koma mpweya wakumbuyo uli wamphamvu, mwina ya R250 ikwana. Ngati ikulira mpweya uli wofooka, lipirani yomasula zonse, ndipo muwauze akuonetseni chimene achotsa pa hitisinki musanapereke ndalama. Amene muli ndi PS5 muyambe mwafunsa ngati mmisiri anaitsegulapo, chifukwa pa chipi chake sipakhala phala wamba, pamakhala chitsulo chamadzimadzi chimene chikadonthera pa bodi chimawononga. Msuweni wanga akupita nayo yake Loweruka likubwerali, ndamuuza kuti alawirire mafoni asanachuluke, komanso atenge mbale ya mazira yoikamo zomangira.