Thiransifoma yotsitsa magetsi kufika pa mavoti 110: ndi yabwino, koma muziizimitsa mukaweruka

Ndinagula thiransifoma iyi musitolo ina ya zamagetsi m'tauni muno mu Joni, chifukwa makina anga opalira matabwa ndi a ku Amereka, amafuna mavoti 110, pomwe magetsi a kuno ndi mavoti 230. Pachikuto analembapo 1000 VA, kutanthauza mphamvu yake, mavoti kuchulukitsa ndi maampu. Ndi yolemera ndithu, ndipo kulemerako kwandisangalatsa, chifukwa kukusonyeza kuti sanaumire chitsulo ndi kopa.

Mkati muli makoyilo awiri okulungidwa pachitsulo chimodzi, osakhudzana. Magetsi akalowa mu koyilo yoyamba amapanga mphamvu ya maginito yosinthasintha m'chitsulomo, ndipo mphamvuyo ndi imene imadzutsa magetsi mu koyilo yachiwiri. Mavoti amatsatira kuchuluka kwa mikombero ya waya. Tiyerekeze kuti yoyamba inakulungidwa ka 460, ndiye kuti yachiwiri ka 220, pafupifupi theka. Maampu ndiye amatembenuka: makina anga akamakoka maampu 6, kukhoma kumachoka pafupifupi maampu 3 okha. Ndinayeza ndekha ndi mita yopanira pawaya, zinagwirizana.

Chimene ndikufuna anzanga a kuno ku Rosettenville mudziwe ndi ichi. Ngakhale musalumikizeko kanthu, thiransifoma imakokabe magetsi. Yangayi imakoka maampu 0.3 ili chikhalire. Amenewa ndi magetsi osungira maginito m'chitsulo. Mukachulukitsa 230 ndi 0.3 mupeza 69, koma musaope, ambiri mwa iwo amangolowa n'kubwerera. Mita ya mawati inandionetsa 15 basi, ndipo amenewo ndiwo amatayikadi, kusanduka kutentha. Ena amathera pa kutembenuzatembenuza maginito m'chitsulo, ena pa timagetsi tozungulira m'chitsulo momwemo. N'chifukwa chake chitsulocho amachipanga ndi timapepala tachitsulo topyapyala tosanjikiza, kuti timagetsito tisowe njira. Mawati 15 usana ndi usiku ndi mayunitsi pafupifupi 11 pamwezi. Kwa ife ogawana mita imodzi ndi alandilodi, amenewo ndi mkangano kale.

Kutentha kwa mawaya a kopa n'kwina, kumadza ndi ntchito. Maampu akawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Ndikapala thabwa louma kwa nthawi yaitali chikuto chimafunda, koma dzanja limakhalapo bwinobwino, ndipo mavoti amangotsika kuchoka pa 112 kufika 107. Pamenepa ndaiyamikira.

Chondidandaulitsa n'chakuti nthawi zina poiyatsa imagwetsa bureka, chifukwa m'kanthawi koyambako chitsulo chimakhuta maginito ndipo koyilo imakoka maampu ochuluka. Imaliranso chapansipansi, moti m'chipinda chogona siyoyenera.

Dziwaninso kuti siisintha liwiro limene magetsi amasinthasinthira, 50 Hz ya kuno, kukhala 60 Hz ya ku Amereka. Makina anga ali ndi mota ya mabulashi, choncho alibe nazo vuto, koma mota yopanda mabulashi ikhoza kuchepa liwiro n'kumatentha. Werengani kaye kachitsulo ka pamakina anu musanagule.