Kuchotsera mtengo wa makina pa msonkho: mofanana kapena mochepera chaka ndi chaka?

Kampani ikagula makina kapena lole, mtengo wake sauchotsa wonse pa phindu ngati ndalama ya mafuta. Malamulo a msonkho amalola kuchotsa kagawo chaka chilichonse, ndipo njira zowerengera zodziwika ndi ziwiri. Kawirikawiri yoti mutsate amasankha ndi malamulo a dziko, osati inu.

Tiyerekeze makina a 10,000,000, mlingo wochotsera 20 peresenti pa chaka.

Njira yoyamba amawerengera pa mtengo wogulira. Mumachotsa 2,000,000 chaka chilichonse, pakutha zaka zisanu nkhani yatha.

Yachiwiri amawerengera pa ndalama yotsala. Chaka choyamba ndi 2,000,000 yomweyo, koma chachiwiri muwerengera pa 8,000,000 n'kupeza 1,600,000, chachitatu 1,280,000. Ngati phindu la chaka chachiwiri musanachotse kagawoka ndi 6,000,000 ndipo msonkho ndi 30 peresenti, njira yoyamba mulipira 1,200,000, yachiwiri 1,320,000. Pa mlingo wofanana yoyamba ndiyo imapepuza msanga, chifukwa yachiwiri ikafika zaka zisanu imakhala ikadali ndi 3,276,800 yosachotsedwa.

Ambiri amapunthwa pogulitsa. Mukagulitsa makinawo 4,000,000 zaka zisanu zitatha, malamulo ambiri amayerekeza ndalamayo ndi mtengo wotsala m'mabuku a msonkho. Pa njira yoyamba palibe chotsala, ndiye 4,000,000 yonseyo imabwerera ku phindu lokhomedwa msonkho. Pa yachiwiri imabwerera 723,200 yokha. Musanagwirizane mtengo ndi wogula, onani kaye nambala yotsalayo.